Dola ya K2.70 ndi dola ya K1,730 pa galafu imodzi

*Ndine mlembi wa kopaletivu ya alimi kuno ku Mchinji. Ndikukonza kabuku kofotokozera mamembala chifukwa chake feteleza amangokwera mtengo. Ndajambula mu Excel galafu ya mtengo wa dola kuyambira 1990 mpaka 2024, koma mzere wangogona pansi zaka zonse zoyambirira, kenako n'kuimirira ngati bulugamu. Mwana wanga wati ndichonge polembedwa* Logarithmic scale. *Ndachonga, mzere waoneka bwino, koma manambala a m'mbali asanduka 1, 10, 100, 1000, ndipo ndikuopa kuti alimi anena kuti ndikuchepetsa vuto lawo. Ndisankhe iti, nanga ndiwafotokozera bwanji?*

Mayi, pa nkhani ya zaka 34 ngati imeneyi sankhani yomwe wakuonetsani mwana wanuyo, imene timaitcha sikelo ya logi. Koma musaipereke kwa anthu ili yokhayokha monga yatulukira mu kompyuta, chifukwa mantha muli nawowo ali ndi pogwira. Magalafu awiriwa onse akunena zoona, kungoti akuyankha mafunso osiyana. Yoyamba ija ikuyankha funso lakuti "yakwera ndi makwacha angati?" pamene ya logi ikuyankha lakuti "yakwera kangati?" Mukagwira bwino kusiyana kwa "angati" ndi "kangati", zina zonse zikhala zopepuka, ndipo mawu omwewa ndi amene mukawauze alimi.

Tiyambe taika manambala patebulo. Awa ndi mitengo ya ku banki, ya pakatikati pa chaka chonse, ndipo ndawadula michira kuti asatilemere. Mu 1990 dola imodzi inali pafupifupi K2.70. Mu 2000 inali pafupifupi K60, mu 2010 pafupifupi K150, mu 2020 pafupifupi K750, ndipo mu 2024 pafupifupi K1,730.

Tengani pepala ndi rula. Jambulani mzere woimirira wotalika masentimita 12, pansi mulembe 0, pamwamba 1,800. Ndiye kuti sentimita iliyonse ikuimira K150. Dontho la 2024 likhala pa masentimita 11 ndi theka, la 2020 pa masentimita 5, la 2010 pa sentimita imodzi yokha. La 2000 likhala mamilimita 4 kuchoka pansi. La 1990 silifika ngakhale kotala ya milimita, moti nsonga ya pensulo yanu ndi yonenepa kuposa mpata umenewo. N'chifukwa chake mzere wanu wagona. Zaka khumi zathunthu zapanikizika m'mamilimita anayi, ndipo munthu woona galafuyo anganene kuti m'zaka za m'ma 1990 kwacha inali chikhalire, mavuto ayamba dzana.

Komatu amene analipo akudziwa kuti sizinali choncho. Boma litaileka kwacha kuti iziyenda ndi msika mu February 1994, dola inathamanga kwambiri, moti pofika 1995 inali kale pa K15. Kuchoka pa K2.70 kufika pa K60 ndi kusiyana kwa K57 yokha, ndalama yomwe lero singakugulireni chinthu cholozeka. Koma munthu amene ankaitanitsa katundu wa madola 100 kunja ankafuna K270 mu 1990, ndipo mu 2000 ankafuna K6,000. Ndalama yofunika inachuluka ka 22. Palibe zaka khumi zina pa mndandanda wanuwo zomwe zikuyandikirako. Kuchoka 2000 kufika 2010 inachuluka kawiri ndi theka, kuchoka 2010 kufika 2020 kasanu. Galafu wamba yabisa gawo lowawa kwambiri la nkhaniyi, osati mwachinyengo, koma chifukwa imayeza chilichonse ndi kwacha ngati kuti kwacha ya 1990 ndi ya 2024 n'zolemera chimodzimodzi.

Sikelo ya logi imasintha chinthu chimodzi chokha, chomwe ndi tanthauzo la mpata pa mzere woimirira uja. Pa sikelo wamba, ukakwera sitepe imodzi umaphatikiza nambala yomweyomweyo: 150, 300, 450, 600. Pa sikelo ya logi, ukakwera sitepe imodzi umachulukitsa ndi nambala yomweyomweyo: 1, 10, 100, 1,000. Manambala anu sakhudzidwa, dola ya 2010 ndi K150 basi. Chasintha ndi malo amene dontho lake likukhala.

Bwererani ku pepala lija. Jambulani mzere wina wa masentimita 12, muugawe panayi, gawo lililonse masentimita 3. Pansi lembani 1, kenako 10, 100, 1,000, ndipo pamwamba 10,000. Kuti mupeze malo a nambala iliyonse, mufunika logi yake. Logi ya nambala imangokuuzani kuti 1 mumuchulukitse ndi 10 kangati kuti mufike pa nambalayo. Ya 100 ndi 2, ya 1,000 ndi 3, ndipo ya 150 ndi 2 ndi kanthu, chifukwa 150 wadutsa 100 koma ali kutali ndi 1,000. Mu Excel, ngati mtengo uli mu `B2`, malo ake m'masentimita muwapeza chonchi:

```
=LOG10(B2)*3
```

Dontho la 1990 likhala pa masentimita 1.3, la 2000 pa 5.3, la 2010 pa 6.5, la 2020 pa 8.6, la 2024 pa 9.7. Taonani tsopano mmene mzere ukuyendera. M'zaka khumi zoyamba wakwera masentimita 4 athunthu, m'zaka khumi zachiwiri 1.2 yokha, m'zachitatu 2.1, ndipo m'zaka zinayi zomalizazi wakwera kale 1.1. Mzere womwe unagona uja wadzuka, ndipo chitunda chachikulu chapezeka kumayambiriro.

Chinsinsi chowerengera galafu imeneyi n'chakuti mpata wofanana umatanthauza kuchuluka kofanana, kaya uli pansi kaya pamwamba. Pa pepala lathuli, kuwirikiza kawiri ndi mamilimita 9 paliponse. Kuchoka pa 5 kufika pa 10 ndi mamilimita 9, kuchoka pa 500 kufika pa 1,000 ndi mamilimita 9 omwewo. Dulani kapepala ka mamilimita 9, mukayendetse pa mzere woimirira uja kuchoka pa masentimita 1.3 a 1990 kufika pa 5.3 a 2000, mupeza kuti kalowamo kanayi ndi theka. Ndiye kuti m'zaka khumi zimenezo dola inawirikiza kawiri maulendo anayi ndi theka, kapena tinene kuti inkawirikiza pa zaka ziwiri ndi miyezi itatu iliyonse. Mukachita chimodzimodzi ndi zigawo zinazo, muona kuti mu 2000 mpaka 2010 inkatenga zaka zisanu ndi ziwiri ndi theka kuti iwirikize, mu 2010 mpaka 2020 zaka zinayi ndi miyezi ingapo, ndipo kuyambira 2020 zaka zitatu ndi miyezi ingapo. Excel ikhoza kukuwerengerani maulendo owirikizawo pakati pa mitengo iwiri iliyonse:

```
=LOG(B3/B2,2)
```

Mugawe zaka zomwe zadutsa ndi yankho lotulukalo, mupeza nthawi yowirikizira. Ineyo ndimaona kuti nambala imeneyi ndiyo imalowa m'mutu mwa munthu kuposa ina iliyonse. Mukauza mlimi kuti kuyambira 2020 mpaka 2024 dola inkakwera ndi 23 peresenti pachaka, angogwedeza mutu. Mukamuuza kuti pa zaka zitatu ndi miyezi ingapo ndalama yogulira dola imodzi inkawirikiza, ayamba kuwerengera yekha kuti mwana wake wa Fomu 1 asanamalize sekondale zinthu zikhala bwanji ngati liwiro silisintha. Onaninso kuti galafu ya logi sikuchepetsa vuto la lero ayi. Ikuonetsa kuti liwiro lakhala likukula kuyambira 2000, nthawi yowirikizira n'kutsika kuchoka pa zaka zisanu ndi ziwiri ndi theka kufika pa zitatu ndi miyezi ingapo, chinthu chomwe galafu wamba singakusiyanitsireni chifukwa kwa iyo chilichonse cha posachedwa chimaoneka chachikulu.

Pali chitsanzo china chomwe ndikufuna mukhale nacho, chifukwa mamembala ambiri akuchikumbukira. Mu May 2012 kwacha inatsitsidwa mphamvu, dola n'kuchoka pa K168 kufika pa K250. Mu November 2023 inatsitsidwanso, dola n'kuchoka pafupifupi pa K1,180 kufika pa K1,700. Pa galafu wamba ija, kudumpha kwa 2012 ndi K82, theka la sentimita, pamene kwa 2023 ndi K520, masentimita atatu ndi theka. Munthu angaganize kuti nkhonya ya 2023 inali yaikulu kasanu ndi kamodzi. Koma gawani: 250 kugawa ndi 168 ndi 1.49, ndipo 1,700 kugawa ndi 1,180 ndi 1.44. Maulendo onse awiri, munthu wofuna madola anadzuka m'mawa akufunika ndalama yake yakale ndi pafupifupi theka lina pamwamba. Pa sikelo ya logi masitepe awiriwa ndi otalika pafupifupi mofanana, theka la sentimita lililonse, ndipo la 2012 ndi lotalikirapo pang'ono. Masitepewa muwaona pokhapokha mutaika mitengo ya mwezi uliwonse, chifukwa mtengo wa pakatikati pa chaka umasalaza kudumpha kotere.

Chitsanzo chomwechi chikuthetsa mkangano wina umene umasokoneza anthu. Za 2012 ena amati kwacha inagwa ndi 49 peresenti, ena amati ndi gawo limodzi mwa atatu. Onse ali ndi pomwe akuchokera. Mtengo wa dola unakwera ndi 49 peresenti, koma madola omwe kwacha imodzi ingagule anatsika ndi 33 peresenti, chifukwa 168 kugawa ndi 250 ndi 0.67. Peresenti imasintha malinga ndi mbali yomwe waima. Mpata wa pa sikelo ya logi susintha: kukwera kuchoka 168 kufika 250 ndi kutsika kuchoka 250 kufika 168 ndi theka la sentimita lomwelo.

Tsopano za owerenga anu, pomwe pali ntchito yeniyeni. Vuto lowerenga sikelo imeneyi si la alimi okha kapena la anthu amene sanapite patali ndi sukulu. Mu 2020, mliri wa COVID-19 utangoyamba, manyuzipepala akuluakulu monga Financial Times ankaonetsa chiwerengero cha odwala ndi omwalira pa sikelo ya logi, poti manambalawo ankawirikiza pa masiku ochepa. Ofufuza ena anayesa anthu pafupifupi 2,000 ku America, theka anawaonetsa galafu wamba, theka ya logi, manambala ake omwewo. Pa funso losavuta lowerenga galafuyo, anthu pafupifupi 84 mwa 100 anakhoza pa galafu wamba, koma pa ya logi anakhoza 41 okha. Maso a munthu anazolowera rula, thermos ya tiyi, ndowa ya madzi, zinthu zomwe theka la kutalika ndi theka la zomwe zili m'katimo. Sikelo ya logi imaphwanya chizolowezi chimenechi popanda kuchenjeza.

Ndinaziona ndekha pa maphunziro ena a alembi ndi asungichuma a magulu a m'midzi. Ndinajambula pabolodi mzere wa 10, 100, 1,000, n'kuika dontho pakati penipeni pa 10 ndi 100, ndipo ndinafunsa kuti pamenepo ndi zingati. Bambo wina wachikulire, msungichuma wodziwa bwino masamu ake, anayeza ndi chala chachikulu ndi chamkombaphala, pansi ndi pamwamba, n'kunena motsimikiza kuti 55. Onse anavomereza. Anawerenga molondola malinga ndi rula iliyonse yomwe anagwirapo pamoyo wake. Koma pa sikelo ya logi pakati pa 10 ndi 100 pali pafupifupi 32, chifukwa 10 kuchulukitsa ndi 3.2 ndi 32, ndipo 32 kuchulukitsanso ndi 3.2 ndi pafupifupi 100. Nambala ya 20 imakhala itakwera magawo atatu mwa khumi a mpatawo, 50 magawo asanu ndi awiri, ndipo 60, 70, 80, 90 zonse zimathithikana m'kagawo kotsalako. Munthu akapanda kuuzidwa, nambala iliyonse yomwe ili pakati pa mizere aikweza kuposa mmene ilili.

Chomwe chinatithandiza tsiku limenelo chinali m'thumba mwa bambo yemweyo. Ndinawapempha kuti atulutse ndalama zapepala, ena n'kuwonjezera zomwe zinkasowa, ndipo tinaziyala pabenchi motsatana: K20, K50, K100, K200, K500, K1,000, K2,000, K5,000, mpata wa dzanja limodzi pakati pa iliyonse ndi inzake. Ndinafunsa ngati panali wodabwa kuti K20 ndi K50 zatalikirana chimodzimodzi ndi K2,000 ndi K5,000, pamene kwinako zasiyana ndi K30, kwinako ndi K3,000. Panalibe. Aliyense amadziwa kuti ndalama iliyonse ndi yaikulu kawiri kapena kawiri ndi theka kuposa ya kumbuyo kwake. Kenako tinawerenga masitepe. Kuchoka pa K20 masitepe atatu wafika pa K200. Kuchoka pa K50 masitepe atatu wafika pa K500. Kuchoka pa K500 masitepe atatu wafika pa K5,000. Paliponse ungayambire, masitepe atatu ndi kuchuluka kakhumi. Bamboyo anaika chala pakati pa K100 ndi K1,000, n'kuona kuti chagwera pakati pa K200 ndi K500, ndipo anati, "Ndiye kuti pakati paja si 550, ndi cha m'ma 300." Palibe amene anatchula mawu akuti logi.

Kayaleni ndalamazo pa msonkhano wa mamembala musanagawe kabukuko, ndipo m'kabukumo muike chithunzi chake pafupi ndi galafu. Mipata yake si yofanana ndendende ndi ya sikelo yeniyeni, poti sitepe ya kawiri ndi theka imayenera kutalikirapo pang'ono kuposa ya kawiri, koma pophunzitsira n'zokwanira.

Pa galafu yeniyeniyo pali zinthu zingapo zoti mukonze, ndipo choyamba n'chimene anthu ambiri sachiona. Ngati zaka zanu sizotalikirana mofanana, monga 2010, 2020 kenako 2024, galafu ya mtundu wa `Line` ikhoza kuziika pa mipata yofanana ngati kuti ndi mayina chabe, zaka zinayi n'kutenga malo a zaka khumi. Zikatero chitunda chomaliza chioneka chogona kuposa mmene chilili, ndipo phindu lonse la sikelo ya logi lili m'kupendekeka kwa mzerewo. Sankhani `Scatter with Straight Lines and Markers`, kapena ikani chaka chilichonse osadumpha.

Chachiwiri ndi manambala a m'mbali omwe akudetsani nkhawawo. Dinani ndi batani lakumanja la mbewa pa manambalawo, musankhe `Format Axis`. Pansi pa `Axis Options`, pomwe munachonga `Logarithmic scale`, pali kabokosi ka `Base` momwe mwalembedwa 10. Sinthani mulembe 2. Pa `Bounds` ikani `Minimum` 2 ndi `Maximum` 2048. Manambala a m'mbali asanduka 2, 4, 8, 16, 32, 64 mpaka 2,048, ndipo mzere uliwonse wogona ukhala kuwirikiza kawiri kwa womwe uli pansi pake. Maonekedwe a mzere wa dola sasintha ndi `Base`, kungoti malo opanda kanthu a pakati pa 1,730 ndi 10,000 achoka. Ubwino wake ndi wakuti wowerenga safunikanso kulota zomwe zili pakati pa 100 ndi 1,000, ndipo akhoza kungowerenga ndi chala mizere yomwe dola yadutsa. Kuchoka 1990 kufika 2024 apeza kuti yawirikiza kawiri maulendo oposa asanu ndi anayi, zomwe ndi kuchuluka pafupifupi ka 640. Manambala monga 64 ndi 512 ndi achilendo pa ndalama, n'zoona, koma kuwirikiza kawiri ndi chinthu chomwe aliyense amachidziwa, pamene kuchulukitsa kakhumi n'kovuta kukuona m'maganizo.

Chachitatu, lembani mtengo weniweni pambali pa madontho ofunika: K2.70, K60, K150, K750, K1,730. Mu Excel mumadina dontholo mpaka lisankhidwe lokha, kenako mumalidina ndi batani lakumanja la mbewa n'kusankha `Add Data Label`. Apa m'pamene mumatseka pakamwa munthu wonena kuti mukubisa vuto, chifukwa K1,730 ili pomwepo, yolembedwa ndi zilembo zooneka. Pa chigawo chilichonse cha mzere muwonjezere mawu ochepa, monga "inachuluka ka 22" pa 1990 mpaka 2000 ndi "kasanu" pa 2010 mpaka 2020.

Mawu a pansi pa galafu musawasiye kuti akhale "sikelo ya logi" basi, chifukwa kwa munthu wosaidziwa mawuwo sakumuuza kanthu. Muuzeni chochita ndi maso ake. Mwachitsanzo: "Mzere uliwonse wogona ukutanthauza kuti mtengo wa dola wawirikiza kawiri, monga mmene K200 ilili pa K100. Pomwe mzere wakuda wachita chitunda kwambiri ndi pomwe dola inkakwera mofulumira. Mitengoyi ndi ya ku banki." Chiganizo chomalizachi n'chofunika, poti mamembala ena akudziwa mtengo wa kwa osintha ndalama a mumsewu, womwe m'zaka zaposachedwazi wakhala wokwera kwambiri kuposa wa ku banki, ndipo akaona K1,730 popanda kufotokozera ayamba kukayikira galafu yonse.

Muwachenjezenso za mzere wowongoka. Pa galafu wamba mzere wowongoka umatanthauza kuti chaka chilichonse pakuwonjezereka ndalama yofanana. Pa ya logi umatanthauza kuti chaka chilichonse pakuwonjezereka peresenti yofanana, choncho makwacha owonjezerekawo akukula chaka ndi chaka. Ndipo mzere ukayamba kugonerako kumtunda, si kuti dola yatsika. Ikukwerabe, koma pang'onopang'ono poyerekeza ndi kale. Imatsika pokhapokha mzere utaloza pansi. Apa m'pomwe owerenga ambiri amadzitonthoza molakwika, ndiye ndi bwino kuwauza pakamwa, chala chili pa galafu.

Pali malo omwe sikelo imeneyi sigwira n'komwe. Ilibe 0. Mukamatsika mumangogawa: 8, 4, 2, 1, theka, kotala, osafika pa 0 mpaka kalekale. Pa mtengo wa dola vutoli simukumana nalo, koma mukadzafuna kujambula phindu la kopaletivu, lomwe zaka zina ndi 0 kapena kuluza kumene, Excel ikuchenjezani kuti manambala otero sangajambulidwe bwino, ndipo madonthowo sakhala pa malo oona. Ena amathawa vutoli poika 1 kapena 0.1 m'malo mwa 0. Musatero, chifukwa kuya kwa dzenje lomwe lioneke pa galafuyo kudzadalira nambala yomwe mwangosankha nokha. Chifukwa chomwechi chikuletsanso magalafu a mizati. Mzati umauza diso kuti wautali kawiri ndi wochuluka kawiri, ndipo zimenezi zimafuna kuti uyambire pa 0. Pa sikelo yoyambira pa 1, mzati wa 100 ndi wa 10,000 umasiyana kawiri m'litali pamene manambalawo asiyana ka 100, ndipo mukasintha poyambira kutalika kwa yonse kumasintha. Gwiritsani ntchito mizere ndi madontho basi.

Komanso ngati nambala yaikulu sikuposa yaing'ono kakhumi, kawirikawiri palibe chifukwa chovutitsira anthu. Izi zikukupatsani njira yabwino ya kabuku kanu. Mlimi wokagula thumba la feteleza funso lake lenileni ndi "angati", poti m'thumba mwake mumatuluka makwacha, osati maulendo owirikiza. Ndiye pambali pa galafu ya logi ya zaka 34 ikani ina yaing'ono, ya sikelo wamba yoyambira pa 0, ya 2020 mpaka 2024 yokha, pomwe dola yachoka pa K750 kufika pa K1,730. Pamwamba pa yaikulu lembani "Yakwera kangati?", pamwamba pa yaing'ono "Yakwera ndi makwacha angati?" Ndingowonjezera kuti dola yokha simaliza nkhani ya feteleza. Mu 2021 ndi 2022 mtengo wake unakwera kwambiri pa msika wa dziko lonse, m'madola momwe. Mukakhala ndi mitengo ya thumba ya zaka zingapo, ijambuleni pa galafu ya logi yomweyo pamodzi ndi dola. Pomwe mizere iwiriyo ikuyenda mopendekeka mofanana, feteleza akungotsatira dola. Pomwe wa feteleza wachita chitunda kuposa wa dola, pali china chomwe chikumukankha. Galafu wamba singakuonetseni zimenezi, chifukwa thumba la makwacha zikwizikwi lingaupsinjire pansi mzere wa dola.

Musanapite kosindikiza, pezani mamembala atatu kapena anayi omwe sanaione galafuyo, makamaka amene salankhulalankhula pa misonkhano. Apatseni pepalalo popanda kufotokoza chilichonse, muwafunse mafunso atatu. Dola inali zingati mu 2010? Ndi zaka ziti zomwe inkakwera mofulumira kwambiri? Kuchoka 2020 kufika 2024, yawirikiza kawiri kapena sinafike? Akalephera loyamba, manambala a pa madontho ndi ang'ono kapena atalikira dontho lake. Akayankha lachiwiri kuti ndi zaka zaposachedwa, afunseni ngati akunena zomwe akuona papepala kapena zomwe akumva m'thumba, chifukwa zonse ziwiri zimachitika, ndipo ngati ndi papepala onani ngati zaka zanu zatalikirana moyenera. Akalephera lachitatu, mawu a pansi aja sanagwire ntchito: akulitseni, muwasamutsire pamwamba pa galafu pomwe diso limayambira, ndipo chithunzi cha ndalama zoyalidwa chija chikhale pambali pomwepo, osati pa tsamba lotsatira.